Burakiyo pulekisasi: luko la mitsempha ya mkono

Mawuwa ndi ochokera ku Chilatini: pulekisasi ndi chinthu cholukidwa, burakiyo ndi za mkono. Madokotala amatchula motero mitsempha yonyamula mauthenga kuchoka m'khosi kupita kudzanja.

Lukoli limayamba ndi mizu 5 yotuluka m'fupa la msana, C5 mpaka T1. Mizuyi imakumana n'kupanga mathunthu 3. Thunthu lililonse limagawika pawiri, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo magawo 6 amenewa amalukananso m'khwapa kukhala zingwe 3.

Kudziwa dongosololi kumathandiza kuloza pamene pavulala. Khanda likapanikizika phewa pobadwa, khosi n'kukokedwa, kawirikawiri limavulala thunthu lapamwamba, la C5 ndi C6. Mkono umangolendewera, utapotokera mkati, chigongono osapinda, koma tizala timagwirabe chala cha mayi. Awa ndi matenda a Erb, ndipo makanda ambiri amachira m'miyezi yoyambirira.

Likavulala thunthu lapansi, la C8 ndi T1, phewa limayenda bwino koma zala zimakhwinyata. Chikope chikagwanso mbali yomweyo, n'zodetsa nkhawa: muzu wa T1 wavulala pafupi kwambiri ndi msana.

Chingwe chakumbuyo chikapanikizidwa ndi ndodo yoyendera ya m'khwapa, dzanja limagwa osadzuka.