Dzina la bizinesi: mmene amalisankhira ndi kulifufuza asanalilembetse

Ku Chidzolomondo m'boma la Makanga, ndi kumisika ya m'boma loyandikana nalo la Tsangano, anthu ambiri ogula ndi kugulitsa mbatatesi, nyemba, chimanga ndi feteleza amayamba ndi kulemba dzina pachipupa cha sitolo, za mapepala n'kumaziganizira pambuyo. Vuto limaoneka tsiku lomwe afuna kutsegula akaunti ya kampani kubanki kapena kupereka katundu kusukulu ndi kumabungwe, pomwe zikalata zimafunika. Apo m'pamene ena amauzidwa kuti dzina lomwe akhala akulitchukitsa zaka zonsezi lili kale ndi mwini wake.

M'dziko la Mozambique maina a mabizinesi amasungidwa ndi ofesi yotchedwa Conservatória do Registo das Entidades Legais, mwachidule CREL. Ntchito zake zimapezekanso ku Balcão de Atendimento Único, yomwe anthu amangoti BAÚ, mumzinda wa Tete. Munthu asanalembetse kampani amapempha chikalata chosungitsa dzina, Certidão de Reserva de Nome. Ogwira ntchito amafufuza m'kaundula ngati dzinalo, kapena lina loyandikana nalo, linatengedwa kale, ndipo ngati palibe amalisungira wopemphayo kwa masiku 90. Chikalatachi sikulembetsa kwenikweni ayi. Masikuwo akatha munthu asanamalize kulembetsa, dzina limabwerera poyera ndipo wina akhoza kulitenga. Kaundulayu ndi wa dziko lonse, choncho mwini dzina akhoza kukhala ku Nampula kapena ku Maputo, munthu wa ku Chidzolomondo asanamumvepo n'komwe.

Lamulo la zamalonda, Código Comercial, lomwe linakonzedwanso m'chaka cha 2022, limafuna zinthu ziwiri pa dzina. Choyamba, linene zoona: dzina lisapusitse anthu za mwini wake kapena za ntchito yomwe bizinesiyo imagwira. Sitolo yogulitsa mbewu siingadzitche banki, ndipo munthu amene ali yekha sangalembe dzina losonyeza kuti ali ndi anzake ogwirizana nawo. Chachiwiri, likhale latsopano, ndiye kuti lisafanane ndi lina lolembetsedwa kale mpaka kusokoneza anthu. Mikangano yambiri imachokera pa chachiwirichi, chifukwa anthu amayesa kuti kusiyana chilembo chimodzi n'kokwanira.

M'dera lino muli msampha wakewake. Mawu amodzimodzi amalembedwa pawiri, kalembedwe ka Chipwitikizi ndi ka Chichewa. Boma lomwe pakamwa timati Makanga, m'zikalata ndi Macanga, ndipo Ulongwe amalembedwa Ulónguè. Momwemonso Chikondi ena amalemba Chicondi kapena Tchicondi, Madalitso ena Madalisso, Tikondane ena Ticondane. Papepala amaoneka osiyana, koma mlimi wofunsa njira yopita kusitolo amatchula chimodzimodzi, ndipo womvera chilengezo pawailesi saona zilembo. Wofufuza dzina ayenera kuyesa kalembedwe konse komwe mawuwo angakhale nako, makamaka posinthanitsa k ndi c kapena qu, ch ndi tch, l ndi r, w ndi u. Akafufuza kalembedwe kamodzi kokha, kompyuta ikhoza kusonyeza kuti dzina palibe pamene lilipo.

Mwachitsanzo, ngati abale awiri a ku Chidzolomondo afuna kutsegula kampani yogula mbatatesi ndi kugulitsa feteleza, n'kusankha dzina loti Chikondi Comercial, Lda., pamene m'kaundula muli kale Chicondi Comércio Geral, Lda. yogulitsanso zaulimi, maina awiriwa ayenera kuyerekezedwa mwa kuchotsa mawu omwe sali a munthu aliyense. Lda., chidule cha Limitada, chimangosonyeza mtundu wa kampani, monganso S.A. kapena Sociedade Unipessoal ya munthu mmodzi. Comercial ndi Comércio Geral ndi mawu wamba onena za ntchito, ndipo wamalonda aliyense ali ndi ufulu wowagwiritsa ntchito. Zimenezi zikachotsedwa pamatsala Chikondi ndi Chicondi, omwe ndi mawu amodzi. Dzina la abale aja likhoza kukanidwa, ndipo pokana sangakhale atawalakwira.

Abalewo akhoza kuganiza zowonjezera dzina la malo, kuti likhale Chikondi Comercial de Chidzolomondo. Izi zimathandiza pang'ono pokha. Maina a malo sakhala a munthu mmodzi, choncho wina aliyense wa kumeneko angawonjezenso Chidzolomondo pa dzina lake, ndipo mawu omwe anthu amagwira pakamwa akadali Chikondi yemwe uja. Ena angayese n'kuti ndi nthambi ya kampani yoyamba ija. Chomwe chimagwira ntchito ndi kusintha mutu wa dzinalo: kuika dzina la banja la eni ake, dzina la phiri kapena mtsinje wosatchuka pamodzi ndi mawu ena, kapena kupanga mawu atsopano polumikiza maina a abale awiriwo. Poweruza ngati maina angasokoneze anthu amaonanso mtundu wa ntchito ndi kumene bizinesi ili. Chigayo ndi kampani yomanga misewu sizisokonezedwa msanga ngati masitolo awiri a feteleza apamsewu umodzi, komabe si nzeru kudalira zimenezo ngati mutu wa dzina uli wofanana ndendende.

Poti ulendo wa ku Tete ndi wautali ndipo umadya ndalama, makamaka nthawi ya dzinja, ndi bwino kufufuza kaye kumudzi. Ofesi ya boma yoona za ntchito za chuma, SDAE, ku Furancungo kapena ku Tsangano imadziwa mabizinesi omwe ali ndi ziphaso m'bomalo. Zikwangwani za m'misika ya pafupi, monga ku Ulongwe ndi ku Biriwiri, zimaonetsa maina omwe anthu anazolowera kale. Gawo lachitatu la Boletim da República limasindikiza malamulo a makampani olembetsedwa pamodzi ndi maina awo, ndipo amene ali ndi foni ya intaneti akhoza kupeza ambiri mwa iwo. Zonsezi zimangochepetsa mwayi wokanidwa, poti yankho lenileni limachokera ku CREL. Wopita kumeneko anyamule chitupa chake ndi maina atatu kapena anayi osiyana mitu, kuti loyamba likakanidwa asabwerere chimanjamanja.

Pali kaundula winanso yemwe ambiri amamuiwala. Zizindikiro za katundu, monga dzina losindikizidwa pathumba la ufa kapena pabotolo, zimalembetsedwa ku Instituto da Propriedade Industrial, IPI, ndipo chitetezo chake chimakhala cha zaka 10, zikatha munthu amakonzanso. Kuvomerezedwa ku CREL sikupatsa munthu ufulu woika dzinalo pa katundu ngati wina analilembetsa kale ku IPI. Amene akufuna kulongedza nyemba kapena ufa m'mapaketi a dzina lake afufuze konse kuwiri. Ochita malonda a m'malire adziwenso kuti dzina lolembetsedwa ku Malawi silitetezedwa ku Mozambique chifukwa cha kulembetsa kumeneko, ndipo la kuno silitetezedwa uko.

Mwini dzina lolembetsedwa ali ndi ufulu woletsa wina kuligwiritsa ntchito ndiponso wopempha chipukutamisozi kukhoti. N'chifukwa chake chikwangwani, chidindo, mabuku a malisiti ndi matumba osindikiza ziyenera kudikira mpaka kampani italembetsedwa n'kulandira nambala yake ya NUEL. Dzina lilembedwe paliponse monga momwe lilili pachikalata, chilembo ndi chilembo, chifukwa kubanki ndi kuofesi ya msonkho yopereka NUIT pepala lolembedwa Chikondi likhoza kubwezedwa ngati chikalata chikuti Chicondi.