Magawo a tulo ndi kukhazikika kwa zimene munthu waphunzira

Magawo a tulo ndi mikhalidwe inayi imene ubongo umadutsamo mobwerezabwereza munthu akagona. Atatu amatchedwa N1, N2 ndi N3, ndipo lachinayi limatchedwa REM, gawo limene maso amayendayenda mofulumira m'kati mwa zikope. Magawowa amazindikirika ndi makina a EEG, amene amajambula mafunde a magetsi a mu ubongo kudzera pa timawaya tomatidwa pamutu. Gawo la REM analitulukira ndi Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman ku yunivesite ya Chicago mu 1953. Magawowa sagawikana mofanana usiku wonse, choncho ola la tulo la kumayambiriro kwa usiku limagwira ntchito yosiyana ndi ola la m'bandakucha.

Mmene usiku umayendera

Munthu wamkulu akagona amayamba ndi N1, tulo tosinza timene timatenga mphindi zochepa chabe. Kenako amalowa mu N2, n'kutsikira mu N3, timene ndi tulo tofa nato. Akatero amabwereranso mu N2 asanafike mu REM. Ulendo umodzi wotere umatenga mphindi pafupifupi 90, ndipo pa usiku umodzi umachitika kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi. N2 ndiye amatenga nthawi yambiri, pafupifupi theka la tulo tonse, pamene REM amatenga gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu.

Tiyerekeze munthu wogona 10 koloko usiku n'kudzuka 6 koloko m'mawa. Pofika cha m'ma 1 koloko amakhala atagona kale gawo lalikulu la N3 wa usiku wonse, ndipo REM woyamba amakhala atangotenga mphindi 10 kapena kucheperapo. Kuyambira pamenepo N3 amachepa mpaka kutsala pang'ono kutheratu, pamene REM amatalika ulendo uliwonse, kufika theka la ola kapena kuposerapo chakum'mawa. Munthu yemweyo akadzuka 4 koloko amataya maola awiri mwa maola 8, koma N3 wake sakhudzidwa kwenikweni. Zimene amataya ndi REM wautali kwambiri wa usikuwo pamodzi ndi N2 wa m'bandakucha.

Dongosololi limabwera chifukwa cha zinthu ziwiri. N3 amatsatira kutalika kwa nthawi imene munthu wakhala maso. Masana onse mu ubongo mumaunjikana mankhwala otchedwa adenosini, ndipo njala ya tulo tofa nato imakhala yaikulu munthu akangogona, n'kumachepa usiku ukamapita. REM amatsatira wotchi ya m'thupi, ndipo amachuluka m'bandakucha, nthawi imene kutentha kwa thupi kumakhala kotsika kwambiri.

N3 ndi kusamutsa zimene munthu waphunzira

Zinthu zatsopano, monga mayina, malo ndi zochitika za tsikulo, zimagwiridwa kaye ndi kachigawo ka ubongo kotchedwa hipokampasi. Kachigawoka kamaphunzira msanga, koma zimene kagwira zimasokonezeka mosavuta. Kuti zikhalitse zimafunika kulumikizidwa ndi khungwa la kunja la ubongo, lotchedwa koteksi, limene limaphunzira pang'onopang'ono mwa kubwereza.

Kubwerezako kumachitika munthu ali m'tulo. Mu 1994 Matthew Wilson ndi Bruce McNaughton anapeza kuti maselo a mu hipokampasi ya makoswe amene ankagwira ntchito limodzi khoswe akuyenda pamalo ena ake ankayakanso limodzi khosweyo atagona. Nthawi yake ya kubwerezaku imalamulidwa ndi mafunde a mitundu itatu. Koteksi imatulutsa mafunde aakulu oyenda pang'onopang'ono, osakwana limodzi pa sekondi, ndipo maselo ake amakhala chete onse pamodzi kenako n'kuyaka onse pamodzi. Pa nthawi yoyakayo, kachigawo kotchedwa thalamasi kamatumiza timafunde tachangu, 11 mpaka 16 pa sekondi, totchedwa masipindo. M'kati mwa sipindo ndi mmene mumagwera timafunde tachangu koposa ta mu hipokampasi, timene timanyamula zimene zikubwerezedwazo. Mafunde atatuwa akagwirizana nthawi, uthenga wochokera mu hipokampasi umafika koteksi ili yokonzeka kuulandira.

Kafukufuku amene anasonyeza zimenezi mwa anthu anachitika ku Lübeck, m'dziko la Germany, ndipo anasindikizidwa mu 2007 ndi Björn Rasch, Jan Born ndi anzawo. Madzulo anthu ankaloweza malo a makadi awiriawiri ofanana pa kompyuta, kwinaku akumva fungo la maluwa a rozi. Atagona n'kufika mu tulo tofa nato, ofufuzawo ankawapoperanso fungolo osawadzutsa. M'mawa anakumbukira pafupifupi 97 peresenti ya malo amene anali atawaloweza, pamene usiku wopanda fungo anakumbukira pafupifupi 86 peresenti. Fungo lomwelo litaperekedwa mu REM kapena munthu ali maso silinasinthe kanthu. Silinathandizenso amene sanalimve pophunzira, zomwe zikusonyeza kuti ntchito ya fungolo inali kudzutsa zimene zinalumikizidwa nalo madzulo.

N1 ndi N2

N1 ndi khomo chabe lolowera m'tulo, ndipo palibe umboni wamphamvu woti amakhazikitsa zinthu payekha. N2 ndiye gawo limene masipindo amaoneka bwino kwambiri, ndipo amagwirizana ndi luso la manja. Mu 2002 Matthew Walker ndi anzake anaphunzitsa anthu kulemba manambala 4-1-3-2-4 mobwerezabwereza ndi dzanja lamanzere, lomwe silinali dzanja lawo lolembera. Atagona usiku umodzi liwiro lawo linakwera ndi pafupifupi 20 peresenti, ndipo amene anali ndi N2 wambiri chakumapeto kwa usiku ndi amene anapita patsogolo kwambiri. Ofufuza ena pambuyo pake anati mbali ina ya kukweraku imabwera chifukwa chakuti kutopa kwa pa nthawi yophunzira kumakhala kutatha.

REM

Mu REM mafunde a ubongo amafanana ndi a munthu amene ali maso, minofu ya thupi imafooka kotheratu kupatula ya maso ndi yopumira, ndipo maloto omveka bwino amachuluka. Kwa zaka zambiri REM ankaonedwa ngati mwini wake wa ntchito yokumbukira, koma umboni wake ndi wosakanikirana kuposa wa N3. Kafukufuku wina amasonyeza kuti REM amathandiza kusunga zinthu zokhudza mtima, monga nkhani yochititsa mantha kapena yomvetsa chisoni. Mu 2016 Richard Boyce ndi anzake anatontholetsa mafunde a mu hipokampasi ya mbewa pa nthawi ya REM yokha, ndipo mbewazo zinalephera kukumbukira pamene zinthu zinaikidwa dzulo lake. Komabe mankhwala ambiri a matenda a maganizo amachepetsa REM kwambiri, koma amene amawamwa sataya luso lokumbukira mmene munthu angayembekezere. Chifukwa cha ichi, ofufuza ena amaona kuti chofunika ndi kutsatana kwa magawowa: N3 amasamutsa zinthu, ndipo REM wobwera pambuyo pake amalimbitsa zimene zasamutsidwazo.

Zosokoneza dongosololi

Mowa umagonetsa msanga, koma umachepetsa REM kumayambiriro kwa usiku ndipo umadukiza tulo chakum'mawa. Matenda obanika m'tulo, amene kawirikawiri amadziwika ndi mkonono waukulu wodukizidwa ndi kusiya kupuma, amabwezera munthu mu N1 kambirimbiri pa ola, moti angakhale pabedi maola 8 koma N3 ndi REM n'kukhala ochepa. Ukalamba nawonso umachepetsa N3, ndipo masipindo sagweranso bwino pa nthawi ya mafunde aakulu aja. Mawotchi a pamkono amene amalemba magawo a tulo amangoyerekeza potengera kugunda kwa mtima ndi kugwedezeka kwa dzanja. Kuti magawo adziwike molondola pamafunika EEG pamodzi ndi zoyezera kuyenda kwa maso ndi kulimba kwa minofu ya pachibwano, ndipo katswiri amawerenga zojambulidwazo m'zidutswa za masekondi 30.