Kugulitsa PlayStation yakale: mmene ogula amawerengera mtengo

Omvera athu a ku Tsangano ndi Macanga amene ali ndi PlayStation yomwe akufuna kugulitsa kapena kusinthitsa ayenera kudziwa kuti wogula sayang'ana ndalama zomwe inu munagulira. Iye amayambira pa mtengo womwe angakagulitsire, n'kuchotsapo zokonzetsera ndi phindu lake. Ogula ambiri kuno ndi okonza mafoni komanso eni tinyumba ta magemu momwe ana amalipira kuti asewere mpira, ku Furancungo, ku Ulongwe kapena pamsika wa Lizulu.

Tiyerekeze kuti mukugulitsa PlayStation 4, ndipo mwaona kuti ina yofanana nayo, yokhala ndi padi imodzi ndi zingwe zonse, akuitsatsa pa mametikali 12,000. Manambalawa ndi ongoyerekezera, pofuna kuonetsa kawerengedwe kake. Mwini shopu akafuna kutsala ndi 3,000, kwa inu ayambira pa 9,000. Akapeza kuti kamtengo kowongolera ka padi kakuyendetsa wosewera popanda kukakhudza, achotsa mtengo wa padi ina, tinene 1,500. Chingwe cha HDMI chikasowa, achotsanso 300. Mwatsala ndi 7,200, koma chingwecho mukanatha kugula nokha motsika. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba mwafunsa mitengo m'mashopu awiri kapena atatu ngati wofuna kugula, musanatchule kuti muli ndi yogulitsa.

Chimene chimagwetsa mtengo kwambiri ndi kukayikira. Makina amene sanayesedwe, wogula amawatenga ngati owonongeka. Choncho pemphani kuti ayatsidwe pamaso panu nonse, gemu isewereke kwa mphindi 20 kapena 30, chifukwa vuto la kutentha silioneka makina akangoyaka. Fani ikamalira mosalekeza ngati chigayo, nthawi zambiri m'kati mwadzaza fumbi, ndipo makina ozima okha masewera ali m'kati ndiye kuti akutentha mopitirira. Pukutani timabowo tampweya ndi kaburashi kouma musanapite nawo. Koma musawatsegule ngati si ntchito yanu, pakuti wogula akaona tizomata tapamasikuluu titang'ambika amaganiza kuti munakonzetsapo.

Pa PlayStation 2, yomwe inatuluka mu 2000 ndipo sidya magetsi ambiri, wogula amayang'ana diso lowerenga chimbale. Likafooka, chimbale chimachedwa kutseguka kapena pasikirini pamabwera mawu akuti Disc Read Error. Onaninso kachikwangwani kapansi kapena kumbuyo. Ngati palembedwa 100V kapena 120V yokha, makinawo anachokera ku Japan kapena ku America, ndipo pamagetsi athu a 220V apsa ngati palibe kachipangizo kotsitsa mphamvu. Kachipangizoko mugulitse pamodzi, ndipo wogula mumuuze.

Zimbale nazo sizifanana. Magemu a mpira amatsika msanga chifukwa chaka chilichonse kumatuluka atsopano okhala ndi osewera anyuwani. FIFA 23 ya mu 2022 inali yomaliza ya dzinali, ndipo mu 2023 inalowedwa m'malo ndi EA Sports FC 24. Motero musadabwe FIFA yakale akaitchula mtengo wa sopo, pomwe Grand Theft Auto V ya mu 2013 ikufunidwabe. Chimbale chopanda mikwingwirima, cha m'chikwama chake, ndibwino kuchigulitsa pachokha kusiyana n'kuchipereka ngati basera. Magemu ogulidwa pa intaneti ndi ena: amakhala pa akaunti yanu, osati pamakina, ndiye wogula wozindikira sawalipira. Musanapereke PlayStation 4, fufutani zanu zonse polowa pa Settings, kenako Initialization, kenako Initialize PS4.

Mukamasinthitsa m'malo molandira ndalama, funsani mitengo iwiri payokhapayokha: wa makina anu, ndi wa omwe mukutenga. Wamalonda angakweze wanu kuti musangalale, uku atakwezanso wake. Kumalire, ku Biriwiri kapena ku Lizulu, gwirizanani kaye ngati mukuwerengera makwacha kapena mametikali, komanso pa kasinthidwe kati, chifukwa mtengo wabwino umatha kutayika pakusintha pomwepa. Akakulipirani pa M-Pesa kapena e-Mola, onani ndalama zomwe zili mu akaunti yanu, osangokhulupirira uthenga womwe wafika.

Nyengo nayo imawerengedwa. Mu Januwale ndi Febuluwale ogulitsa amachuluka, ogula n'kuchepa, ndipo mwini shopu amadziwa kuti mwapanikizika. Amene angathe kudikira mpaka fodya ndi mbatata zitayamba kulowetsa ndalama amapeza ogula oti n'kupikisana, ndipo mwini kanyumba ka magemu, yemwe makinawo amubweretsera ndalama tsiku lomwelo, kawirikawiri amalipira bwino kuposa wogula kuti akagulitsenso.