Mbiri ya njira yadyera yopakira madontho utoto

Masamu opaka madontho utoto anayambira pa mapu. Mu 1852 Francis Guthrie wa ku England anafunsa ngati mitundu inayi ya utoto ingakwanire mapu alionse popanda zigawo zoyandikana kufanana. Akatswiri anasandutsa zigawozo kukhala madontho, malire nakhala mizere yowalumikiza. Chojambula chotere ndi galafu, ndipo chiwerengero chochepetsetsa cha mitundu yokwanira kuipaka yonse chimatchedwa nambala ya kiromatiki.

Njira yosavuta kwambiri ndi yadyera. Mitundu imapatsidwa manambala, madontho amaikidwa pamzere, kenaka dontho lililonse limatenga nambala yaing'ono kwambiri yomwe anzake olumikizana nalo sanatenge. Zamtsogolo siilabadira, ndipo m'pomwe pagona vuto.

Chitsanzo ndi madontho anayi olumikizana ngati unyolo: A ndi B, B ndi C, C ndi D. Akapakidwa motsatizana amalandira 1, 2, 1, 2, mitundu iwiri basi. Koma mzere ukakhala A, D, B, C, madontho A ndi D onse amatenga 1, B amatenga 2, ndipo C, popanikizika pakati pa 2 ndi 1, amafuna mtundu wachitatu. Galafu sinasinthe, chasintha ndi mzere wokha. Mzere wopereka yankho lenileni umakhalapo nthawi zonse, kungoti kuupeza n'kovuta. Mu 1967 Welsh ndi Powell, poganizira zokonza ndandanda za nthawi, anati madontho okhala ndi anzawo ambiri azitsogola. Mu 1979 Daniel Brélaz anabweretsa DSatur, yomwe imasankha dontho lozunguliridwa ndi mitundu yambiri yosiyana. Zonsezi zimathandiza, koma nthawi zina zimaononga utoto ndithu.

Malire apansi a nambala ya kiromatiki amachokera ku kiliki, gulu la madontho lomwe lililonse lalumikizana ndi anzake onse. Kiliki ya madontho anayi imafuna mitundu inayi, choncho nambala ya kiromatiki singachepere kukula kwa kiliki yaikulu kwambiri. Kupitirira kokha imatha. Madontho asanu olumikizana mozungulira alibe kiliki yoposa madontho awiri, komabe amafuna mitundu itatu. Mu 1955 Jan Mycielski wa ku Poland anaonetsa mmene angamangire magalafu opanda kiliki ya madontho atatu koma ofuna mitundu yochuluka mmene munthu angafunire. Imodzi mwa iwo, ya madontho 11, imafuna inayi.

Cha m'ma 1960 Claude Berge wa ku France anayamba kufufuza magalafu angwiro, omwe nambala ya kiromatiki ndi kukula kwa kiliki yaikulu kwambiri zimafanana pa galafu yonse ndi pa kagulu kalikonse ka madontho ake. Ganizo lake la mmene angazindikirire magalafuwa linatsimikizidwa mu 2002 ndi Chudnovsky, Robertson, Seymour ndi Thomas.