Mtima ukukopeka kapena mutu wangosokonezeka?

Wachinyamata wa ku Mponela kapena ku Malomo amene wayamba kudzikayikira pa nkhani ya chikondi amakhala ndi liwu limodzi lokha lomwe analimva pamsika, la mathanyula. Liwuli ndi chitonzo, ndipo limaphatikiza zinthu zitatu zosiyana. Choyamba ndi kukopeka, kumene mtima ndi thupi zimalowera popanda wozikankha. Chachiwiri ndi mchitidwe, zimene munthu wachitapo ndi mnzake. Chachitatu ndi dzina limene munthu amadzitcha yekha. Ine ndikuti wofuna kudziwa ngati zake n'zokhalitsa kapena n'zodutsa ayang'ane choyambacho, ndipo achiyang'ane kwa nthawi yaitali, chifukwa zinazo zimasocheretsa.

Taganizani za mnyamata wa zaka 19 amene wangolemba mayeso a Fomu 4 pasukulu yogonera ya anyamata okhaokha m'mapiri a ku Dowa. Kusukuluko anali ndi mnzake wapamtima, ndipo akasiyana mtima unkamuwawa. Zimenezi pazokha sizikutiuza kanthu, poti kwathu kuno anyamata amayenda atagwirana manja, ndipo m'mphala amafunda bulangete limodzi m'chisanu cha Juni. Umboni umayamba kuoneka akabwerera kumudzi, kumene amakumana ndi atsikana kuchigayo, kukwaya ndi kumunda wa fodya. Ngati kukopekako kwazirala pamene mpanda wa sukulu wachoka, ndipo maso ake akutsata atsikana mosadzikakamiza, ndiye kuti malo ndi kusungulumwa zinali ndi mbali yaikulu. Koma ngati dzinja ndi chilimwe zadutsa iye akukopekabe ndi amuna, osati mnzake uja yekha koma enanso, ndipo akakumbukira aona kuti zinayamba asanapite kusukuluko, zimenezo si mphepo yongodutsa. Akhozanso kupeza kuti amakopeka ndi amuna ndi akazi omwe. Kumeneko si kusokonezeka ayi, anthu otere alipo.

Pali chizindikiro china chimene ambiri sachidziwa. Kukopeka kumakoka munthu: amafuna kukhala pafupi, amasangalala, ngakhale pambuyo pake mantha amugwire. Nkhawa yokha siikoka. Alipo ena amene ganizo loti “mwina ndine wotero” limawabwerera tsiku lonse, amadziyesa poyang'ana aliyense wodutsa, koma chimene amamva ndi kuthamanga kwa mtima basi, popanda kulakalaka. Madokotala a matenda a maganizo amadziwa vuto la maganizo obwerezabwereza lotere, ndipo thandizo lake ndi la nkhawa. Komabe chizindikirochi chili ndi malire, ndipo kuno malirewo ndi aakulu. Gawo 153 la malamulo a milandu limapereka chilango chofika zaka 14 m'ndende kwa amuna ogonana okhaokha, gawo 137A lomwe linawonjezedwa mu 2011 limakhudza akazi, ndipo mu Juni 2024 khoti loona za malamulo a dziko linakana kuchotsa gawo 153. Munthu amene anakula akumva za Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, omwe anagamulidwa zaka 14 mu 2010 Bingu wa Mutharika asanawakhululukire, adzachita mantha kaya kukopeka kwake n'kwenikweni kaya ayi. Choncho mantha okha sangakhale yankho. Funso n'lakuti, chikanakhala kuti palibe wokuona kapena wokuweruza, mtima ukanalowera kuti?

Akuluakulu ena adzati mwanayo akwatire, zitha zokha. Ndikumvetsa chikondi chimene chili m'mawu amenewa, koma ukwati si mayeso. Mnyamata akapita chikamwini kuti akadziyese, amene amasenza zotsatira zake ndi mkazi wosalakwa, ana ndi ankhoswe. Ndipo kugona ndi munthu ndi mchitidwe chabe, thupi likhoza kuvomera mtima uli kwina. Ena adzati ndi matenda oti achizidwe, koma bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linachotsa zimenezi pamndandanda wa matenda pa 17 Meyi 1990.

Kutsutsa kolimba ndi kwina: kodi anthu sasintha? Lisa Diamond, katswiri wa ku America, anatsatira akazi pafupifupi 80 kwa zaka 10, ndipo m'buku lake la 2008 anaonetsa kuti oposa awiri mwa atatu alionse anasinthapo dzina lomwe ankadzitcha. Izi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake ndikuti dzina lisathamangiridwe. Koma kusinthako sikunabwere chifukwa chodzikakamiza kapena kukakamizidwa, ndipo sikunasonyeze kuti zimene anamva poyamba zinali zabodza. Mnyamata wathu uja alibe tsiku loti apereke yankho. Ngati katunduyo wamulemera, makamaka akayamba kuganiza zodzivulaza, afune phungu wodziwa kusunga chinsinsi, kapena bungwe ngati CEDEP limene limathandiza anthu pa nkhani zimenezi, ndipo asankhe mosamala woyamba kumuuza, poti m'mudzi nkhani sichedwa kufika kwa mfumu.