Kuchoka ku ya chikuda kufika ku yoyera: mbiri ya bizinesi ya nkhuku ku Kasinje

Amene amadziwa Ntcheu chifukwa cha kabichi ndi kachewere wa ku Lizulu ndi ku Tsangano amadabwa akatsikira ku Kasinje. Kuno n'kuchigwa cha Bwanje, m'mbali mwa msewu wa M5 wochokera ku Balaka kupita ku Salima, ndipo dzuwa la mu Okutobala limaotcha zenizeni. Kutenthako ndi mbali ya nkhani ya nkhuku za m'derali, nkhani imene yasintha kwambiri m'zaka 70 zapitazi.

Kale nkhuku sinali bizinesi. Ya chikuda inkadzifunira yokha chakudya, mwini wake n'kungoiwazira timadeya m'mawa. Inali yophera mlendo, yolipirira chindapusa kubwalo la amfumu, yogulitsa mwana akadwala. Siinkadya ndalama, koma inkachedwa. Thadzi limaikira mazira khumi kapena kuposerapo pang'ono, n'kuwakhalira masiku 21, kenako n'kuyenda ndi anapiye kwa miyezi ingapo. Pachaka limachita zimenezi katatu basi. Anapiye ambiri amathera kwa mphamba, kumvula ndi ku matenda, ndipo wopulumukayo amafuna miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo kuti afike pogulitsika.

M'zaka za m'ma 1950 boma linaganiza zokuza nkhuku ya kumudzi poyiphatikiza ndi mtundu wakuda wochokera ku Australia wotchedwa Black Australorp. Ntchitoyi inakhazikika ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, n'chifukwa chake mpaka lero timangoti nkhuku za mikolongwe. Pambuyo pake anatsegulanso malo oswetsera anapiye ku Bwemba mu Lilongwe ndi ku Choma kufupi ndi Mzuzu. Anapiye ankaleredwa kaye masabata asanu ndi limodzi, kenako n'kugulitsidwa kwa alimi kudzera mwa alangizi a ziweto. Cholinga chinali choti tambala wakuda akalowa m'mudzi, ana ake azikula msanga ndi kuikira mazira ambiri.

Mtunduwo unali wabwino, koma sunafale monga ankayembekezera. Nkhuku yaikulu thupi imafuna chakudya chambiri kuposa chimene ingatole pabwalo, ndipo chitopa sichinkasankha kuti iyi ndi ya mikolongwe, iyi ndi ya chikuda. Matendawa amavuta kwambiri m'chilimwe, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula itayamba. Nkhuku imazyolika, mapiko ali pansi, imatsegula m'mimba zobiriwira, ina khosi limapindika, ndipo pakangotha sabata khola lili pululu. Mankhwala ochiza palibe. Katemera analipo, koma ankafuna firiji kuchokera kumene wapangidwa mpaka pakhomo pa mlimi, chinthu chovuta m'midzi yotentha yopanda magetsi.

Apa ndiye panathandiza katemera wa I-2, amene akatswiri a ku yunivesite ya Queensland ku Australia anapanga kuti azipirira kutentha. Labotale yaikulu ya za ziweto ku Lilongwe inayamba kumupanga konkuno. Kagwiritsidwe ntchito kake n'kosavuta: dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaing'ono kapena yaikulu, miyezi inayi iliyonse. Botolo amalikulunga m'kansalu konyowa ndi kulibisa ku dzuwa. Katemerayu amateteza nkhuku yomwe ili bwino, ndiye kumufuna za aneba zitayamba kale kufa n'kuchedwa.

Gawo lachitatu la mbiriyi ndi la nkhuku zoyera. Makampani oswetsa anapiye a tsiku limodzi ndi ogaya chakudya, monga Central Poultry, Charles Stewart ndi Proto, atakula m'mizinda, ogulitsa m'maboma anayamba kulandira maoda. Ulimi umene unali wa mafamu akuluakulu unafika kuseri kwa nyumba ya mphunzitsi, ya namwino ndi ya mayi wa banki mkhonde. Chokopa chinali nthawi. Nkhuku ya nyama imagulitsika pa masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, pomwe ya mazira imayamba kuikira pa masabata 18 mpaka 20. Posachedwapa kwabweranso mitundu yapakati monga Kuroiler wa ku India ndi Sasso wa ku France, imene imatha kutola panja ndipo imafika pogulitsika pa miyezi pafupifupi itatu ikamadyetsedwa bwino.

Kufulumirako kuli ndi mtengo wake. Nkhuku yoyera sitola kanthu, zonse imadya zogula. Anapiye 100 amamaliza matumba asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu a makilogalamu 50, kuyambira sitata, gulowa mpaka finisha. Mitengo imasintha mwezi ndi mwezi, choncho tingoyerekeza kuti tione masamu ake. Thumba likakhala K100,000, matumba asanu ndi atatu ndi K800,000. Anapiye pa K2,000 mmodzi ndi K200,000. Katemera wa chitopa ndi wa gumboro, makala otenthetsera anapiye, utuchi kapena mankhusu a mpunga oyala pansi ndi mayendedwe tiziike pa K150,000. Zonse zakwana K1,150,000, osawerengera khola, zomwera ndi zodyera. Zikafa zisanu, zotsala 95 n'kugulitsidwa pa K14,000 imodzi, mlimi apeza K1,330,000. Phindu ndi K180,000.

Tsopano nkhukuzo zikhale sabata imodzi osagulidwa. Pa msinkhu umenewo iliyonse imadya kuposa kilogalamu imodzi pasabata, ndiye kuti matumba awiri ndi theka apita, K250,000. Phindu latha ndipo mpamba wayamba kudyeka. Ili ndiye vuto lalikulu pamalo ngati Kasinje, pomwe ogula nkhuku yathunthu amachuluka kumapeto kwa mwezi, pa Khirisimasi, pa Eid ndi paukwati, koma masiku ena amatenga imodziimodzi, enanso pangongole. Mlimi wochenjera amayamba wagwirizana ndi okazinga tchipisi, a malesitilanti ndi ogula opita nazo ku Balaka kapena ku Ntcheu boma, kenako n'kuwerenga masabata chobwerera m'mbuyo kuti adziwe tsiku loodera anapiye. Ngati ogula odalirika ndi a nkhuku 40, anapiye akhale 40.

Vuto lachiwiri ndi kutentha kwa m'chigwa. Nkhuku yoyera yonenepa ikamayasamula kukamwa, kupuma mwawefuwefu, mapiko atatambasuka, ndiye kuti yatsala pang'ono kugwa, ndipo zimene zimayamba kufa ndi zazikulu zomwe, masana. Khola la malata lotsika pansi ndi msampha. Lofunika ndi lalitali, la waya m'mbali, loyang'ana mbali zake zazifupi kum'mawa ndi kumadzulo, lofoleredwa udzu, nkhuku zosapitirira khumi pa mita imodzi mulitali ndi mulifupi, madzi ozizira osatha, ndipo chakudya chiziperekedwa m'mamawa ndi madzulo. Nthawi yamvula mdani ndi utuchi wonyowa: zitosi zikaoneka ndi magazi, matenda a m'matumbo alowa, ndipo pafunika kusintha utuchi ndi kuitana alangizi tsiku lomwelo.

Lachitatu ndi mtengo wa chakudya, umene umatsatira chimanga, soya ndi mphamvu ya kwacha. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 alionse mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 alionse mu Novembala 2023, thumba linakwera msanga kuposa mtengo umene wogula wa kumudzi akanavomera pa nkhuku. Amene anayamba ndi ndalama ya theka la chakudya, poganiza kuti zina aziona m'tsogolo, anakakamizika kudyetsa madeya, nkhuku n'kupinimbira.

N'chifukwa chake nkhuku ya chikuda sinathe, ndipo m'tauni imagulidwa modula kuposa yoyera. Kwa munthu wa mpamba wochepa ku Kasinje, misoti khumi ndi tambala mmodzi, katemera katatu pachaka, khola loti anapiye azitsekeredwa mwezi woyamba ndi madeya osakaniza soya wokazinga, ndi bizinesi imene ndalama yake yoyamba imabwera pakatha miyezi isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu, koma wogula akachedwa sabata siigwa. Nkhuku yoyera ndi ya amene ali ndi ndalama ya matumba onse m'manja ndiponso ogula amene wagwirizana nawo kale.