Agogo, pepala lija ndikadali nalo

Agogo, lero chakwana chaka chitisiyireni. Ndatsegula Baibulo lanu ndipo ndapezamo pepala lija tinalembera limodzi pakhonde, pokonzekera vidiyo ya tsiku lobadwa la mdzukulu wanu, mchimwene wanga wa ku Joni.

Tsiku lobadwa simunkaliwerengera. Munkati munthu amabadwa kamodzi. Koma nditakuuzani kuti mnyamata wanu adzadzuka yekha m'kachipinda ka lendi ku Johannesburg, popanda womufunira mafuno abwino, munati, "Tenga cholembera." Inu munkayankhula Chitumbuka, ine ndikulemba.

Poyamba tinalakwitsa. Tinajambulira m'nyumba, mvula ya Febuluwale ikugunda malata, ndipo pomvetsera tinangomva chiphokoso. Mawa lake tinatuluka panja, koma dzuwa linali kumbuyo kwanu, nkhope yanu n'kuda bii. Kachitatu tinakukhazikani pampasa moyang'ana kum'mawa, foni nditaitsamiritsa pamtondo kuti isagwedezeke. Apo zinaoneka bwino, koma munayankhula mphindi zisanu, kupereka moni wa mudzi wonse. Vidiyoyo inakana kupita pa WhatsApp. Netiweki ya kwathu inangoizunguza mpaka bando inatha.

Ndiye tinabwerera ku pepala kuti tidule. Ine ndinkafuna tichotse nkhani zakale. Inu munachotsa zina: za miyendo yanu yotupa, za feteleza amene sanakwane, za denga lodontha. Munati mwana wa ku Joni akamva foni yochokera ku Mzimba mtima umagunda, poganiza kuti ndi maliro kapena ndalama. "Tsiku limodzi lokha amve mawu anga opanda pempho." Zimene zinatsala, za mphindi imodzi ndi theka, ndi izi:

"Mwamuna wanga, ndine agogo ako. Wadzuka bwanji kumeneko? Akuti lero ndi tsiku lako. Unabadwira ku chipatala cha Embangweni m'chaka cha njala, 2002. Ine ndinali panja ndi kamphika, ndikuphikira amayi ako phala la gaga chifukwa ufa woyera kunalibe. Unali wamng'ono ngati chitsononkho, anthu ankati sukhala. Ndinakufunditsa nsalu yanga yopitira ku tchalitchi. Taona lero, wamera ndevu. Idya bwino. Usayende usiku. Abwana ako uziwalemekeza, koma usaiwale chiwongo chako. Mtengo wa mango uja unabzala wayamba kubereka. Sindikupempha kanthu. Ukapeza mpata bwera, udzadye nsima ya mgaiwa ndi nkhwani zotendera. Mulungu akusunge. Yewo."

Pojambula komaliza simunaliyang'ane n'komwe pepalalo. Ndinkangokukumbutsani ndi zala: chala choyamba moni, chachiwiri kubadwa, chachitatu malangizo, chachinayi kutsanzika. Pa mawu akuti "mwamuna wanga" munaseka, monga amasekera agogo potchula mdzukulu wamwamuna. Pa mawu akuti "bwera" munakhala chete kanthawi. Ndinafuna tibwereze, inu munakana. Madzulo ake ndinapalasa njinga kukafika ku Jenda, pamsewu wa M1, ndipo vidiyo inapita.

Kukhala chete kuja ndinakumvetsa mochedwa. Inu munadikirapo kale. Agogo aamuna anapita ku migodi ndi Wenela muli mtsikana, ndipo kalata zawo munkakawerengetsa kwa aphunzitsi. Munkatiuza za 1974, pamene ndege yonyamula anthu a ku migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, Kamuzu n'kuletsa anthu kupitanso ku Wenela. Anu anabwerera ndi sutikesi ndi njinga. A anzanu ena anasanduka matchona, osaonekanso. Choncho mdzukulu wanu atakwera basi ya ku Joni, monga achitira anyamata ambiri a kuno kwa Inkosi ya Makosi M'mbelwa, munadziwa chimene mumaopa. Ndi chifukwa chake vidiyo yanu munaidzaza ndi zinthu zokokera munthu kwawo: malo amene anabadwira, nsalu imene anafunda, mtengo umene anabzala.

Iye anayankha usiku womwewo ndi uthenga wa mawu, akulira, kuti adzabwera pa Khirisimasi. Simunafike Khirisimasi. Ngakhale pa maliro anu sanathe kubwera, ndipo anatumiza ndalama ya bokosi. Anafika patapita miyezi, ndipo asanalowe m'nyumba anapempha kuti timuperekeze ku manda.

Lero m'mawa wandiimbira foni kuchokera ku Joni. Akuti foni wasintha kawiri, koma vidiyo ija amayamba kuisamutsa iyo asanasamutse china chilichonse. Wandipempha ndimujambulire pepalalo, ndi mizere yomwe tinafufuta, kuti aone zimene munamubisira pa tsiku lake. Ndamutumizira, Agogo. Mundikhululukire.

Mzimu wanu uuse mumtendere.